Mafunso ndi mayankho: maasipekiti a pakati pa matchati awiri ndi mmene openda nyenyezi amawayezera

Kodi asipekiti ya pakati pa matchati awiri n'chiyani?

Tchati cha kubadwa ndi chozungulira cha madigiri 360, chogawidwa m'zizindikiro 12 za madigiri 30 chilichonse, chosonyeza pamene Dzuwa, Mwezi ndi mapulaneti zinali pa nthawi imene munthu anabadwa. Pa sinasitiri, wopenda nyenyezi amasanjika matchati a anthu awiri, china mkati china kunja, n'kuyeza mtunda wa pakati pa pulaneti la munthu woyamba ndi pulaneti la munthu wachiwiri. Mtundawo ukafanana kapena kuyandikira imodzi mwa ngodya zodziwika, amati papezeka asipekiti.

Ngodya zikuluzikulu zilipo 5. Konjankishoni ndi madigiri 0, kutanthauza kuti mapulaneti awiriwo ali pamalo amodzi. Sekisitaili ndi madigiri 60, sikweya ndi 90, tiraini ndi 120, ndipo opozishoni ndi 180, pamene mapulanetiwo ayang'anizana. Pa mapulogalamu ojambula matchati mudzaona mayina akuti `Conjunction`, `Sextile`, `Square`, `Trine` ndi `Opposition`, kapena zizindikiro izi motsatana: ☌ ⚹ □ △ ☍. Palinso ena ang'onoang'ono, monga wa madigiri 150 ndi wa madigiri 72 umene katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anawonjezera, koma ambiri amayamba ayika amenewa pambali mpaka atamaliza akuluakuluwo.

Dziwani kuti kumwamba sikunachitikepo kukumana kumeneku. Venasi wa munthu wina ndi Mazi wa mnzake ndi malo a masiku awiri osiyana, mwinanso a zaka zosiyana, amene angoikidwa pa pepala limodzi.

Ndingawerengetse bwanji ndekha?

Njira yosasokoneza ndi kusandutsa malo alionse kukhala nambala imodzi ya pakati pa 0 ndi 360. Mwa zizindikiro 12 zija, Eriyesi amayambira pa 0, Tawurasi pa 30, Jemini pa 60, Kansa pa 90, Liyo pa 120, Vego pa 150, Libura pa 180, Sikopiyo pa 210, ndipo mumapitiriza choncho kuwonjezera 30 mpaka Paisezi amene amayambira pa 330. Pulaneti limene lili pa digiri 20 ya Kansa ndiye kuti lili pa 110. Lina likakhala pa digiri 21 ya Libura, lili pa 201. Mukachotsera mupeza 91, ndiye kuti ndi sikweya imene yaphonya ndi digiri imodzi yokha. Yankho likaposa 180, lichotseni pa 360, chifukwa timayeza mbali yaifupi ya chozunguliracho.

Kuphonya kumeneku n'kumene amakutcha obu. Obu ikachepa, openda nyenyezi amati asipekitiyo ndi yamphamvu.

Obu yololedwa ndi yaikulu bwanji?

Palibe lamulo limodzi, ndipo apa m'pamene openda nyenyezi amasiyana kwambiri. M'tchati cha munthu mmodzi, ambiri amalola madigiri 8 kapena 10 pa Dzuwa ndi Mwezi. Pa sinasitiri ambiri amafinya malirewo: madigiri 5 kapena 6 pa konjankishoni ndi opozishoni, 4 kapena 5 pa sikweya ndi tiraini, ndipo 3 kapena 4 pa sekisitaili.

Chifukwa chofinyira chimaoneka mukangochita masamu. Munthu aliyense ali ndi zinthu 10 m'tchati chake, kuwerengera Dzuwa ndi Mwezi, choncho pali mapeyala 100 oti ayezedwe, lililonse kukhala chinthu chimodzi cha uyu ndi chimodzi cha uyo. Tiyeni tilole obu ya madigiri 5 pa maasipekiti onse. Konjankishoni itenga madigiri 10 a chozungulira, 5 mbali iyi ndi 5 mbali inayo. Opozishoni itenganso 10. Sikweya, tiraini ndi sekisitaili zimapezeka mbali ziwiri, ndiye iliyonse itenga 20. Zonse pamodzi ndi madigiri 80 mwa 360, komwe ndi pafupifupi 22 pa 100 alionse. Ndiye kuti mukatenga anthu awiri alionse, ngakhale amene sanaonanepo, mungayembekezere maasipekiti pafupifupi 22 pakati pawo. Mukakweza obu kufika pa 8, apitirira 35. Mukaitsitsa kufika pa 3, atsala pafupifupi 13.

N'chifukwa chake kungopeza maasipekiti ambiri sikutanthauza kanthu. Munthu akakuuzani kuti iye ndi wokondedwa wake ali ndi matiraini 6, funso loyamba likhale lakuti anagwiritsa ntchito obu yanji. Ntchito yeniyeni ya wopenda nyenyezi ndi kusankha atatu kapena anayi oti awakhulupirire pa mulu wonsewo, ena onse n'kuwasiya.

Ndiye amasankha bwanji ofunika?

Amayamba ndi funso lakuti ndi mapulaneti ati akhudzidwa, asanafunse n'komwe kuti ngodyayo ndi yanji. Dzuwa, Mwezi ndi Asendanti, yomwe ndi digiri imene inkatuluka kummawa pa nthawi yobadwa, zimakhala patsogolo. Kenako pamabwera Venasi, Mazi ndi Mekyule. Amenewa amayenda mofulumira, moti malo awo amasiyana ngakhale kwa anthu obadwa m'chaka chimodzi. Jupita ndi Satuni amawerengedwa kwambiri akakhudza limodzi mwa othamangawo.

Yurenasi, Neputuni ndi Puluto amayenda pang'onopang'ono. Yurenasi amatenga zaka 84 kuti amalize ulendo wake, Neputuni pafupifupi 165, Puluto pafupifupi 248. Anthu awiri a msinkhu umodzi amakhala ndi Puluto pafupifupi pamalo amodzi, choncho konjankishoni ya Puluto ndi Puluto imangotiuza kuti ndi a m'badwo umodzi, basi. Nayenso Satuni ali ndi msampha wake. Amazungulira m'zaka 29 ndi theka, ndiye anthu osiyana zaka 7 nthawi zambiri amakhala ndi sikweya ya Satuni ndi Satuni, ndipo osiyana zaka 14 kapena 15 amakhala ndi opozishoni. Pamenepo tchati chikungobwereza zimene chiphaso chobadwira chanena kale. Koma Puluto wa wina akagwera ndendende pa Mwezi wa mnzake, openda nyenyezi amatchera khutu, chifukwa zimenezo sizichitikira aliyense wa msinkhuwo.

Chachiwiri ndi obu. Sikweya ya digiri 1 imaposa tiraini ya madigiri 6, ngakhale tiraini ndi imene anthu amakonda kumva. Chachitatu ndi kubwerezabwereza: nkhani imodzi ikaonekera kawiri kapena katatu m'njira zosiyana, imalemera kuposa asipekiti imodzi yokhala payokha. Chimene amachilemekeza kwambiri ndi kubwezerana, mwachitsanzo Dzuwa la woyamba kukhudza Mwezi wa wachiwiri, uku Dzuwa la wachiwiri likukhudzanso Mwezi wa woyamba. Mtundu wa ngodya umabwera pambuyo pa zonsezi.

Kodi konjankishoni ndi yabwino kapena yoipa?

Payokha siili mbali iliyonse. Openda nyenyezi amaiona kuti ndi yamphamvu kuposa ena onse, koma khalidwe lake imalitenga kwa mapulaneti amene akumanawo. Venasi akakumana ndi Jupita amati pali kuwolowa manja ndi kusangalatsana, mwinanso kumwaza ndalama limodzi. Dzuwa likakumana ndi Mwezi amati mmodzi amamva kuti mnzakeyo akumudziwa popanda kufotokoza zambiri. Venasi ndi Mazi amawagwirizanitsa ndi kukopana kwa thupi. Koma Mazi akagwera pa Satuni amati mmodzi amafuna kuthamanga pamene wina akugwira mabuleki, ndipo onse amatopa.

Palinso funso lakuti pulaneti lililonse ndi la ndani. Pa konjankishoni ya Satuni ndi Mwezi, mwini Satuni amamuwerenga ngati woika malire, wodzudzula, wotenga udindo, pamene mwini Mwezi ndi amene amamva kulemerako. Mukasinthanitsa eni ake, nkhani imasintha ngakhale dzina la asipekiti likhale lomwelo. Malipoti ambiri otuluka pa kompyuta amalakwitsa apa, chifukwa amapereka ndime imodzi kwa onse awiri.

Nanga sikweya imatanthauza kuti anthuwo sangakhalitse?

Openda nyenyezi ambiri a masiku ano sanena choncho. Kufotokoza kwawo kumachokera pa mmene zizindikiro zinagawidwira. Zizindikiro zotalikirana madigiri 120 zimakhala za gulu limodzi mwa magulu anayi aja a moto, nthaka, mpweya ndi madzi, ndiye amati zimamvana mosavuta. Zotalikirana madigiri 90 zimakhala za magulu osiyana, koma kachitidwe kake n'kamodzi: zonse zingakhale zoyambitsa zinthu, zokhazikika, kapena zosinthasintha. Tawurasi ndi Liyo, mwachitsanzo, zonse ndi zokhazikika, china cha nthaka china cha moto. Amati zimafuna zinthu zosiyana koma kuumirira kwake n'kofanana, ndipo mkangano umachokera pamenepo.

Opozishoni amaiona mosiyanako. Anthu awiriwo amaonana bwinobwino, amakopana, ndipo aliyense amaona mwa mnzake chimene iye alibe kapena chimene amakana kuti ali nacho. Sikweya amati imavuta kuizindikira, chifukwa aliyense amangoona ngati mnzakeyo akumuima panjira popanda chifukwa.

Ambiri amanenanso kuti matchati odzaza matiraini ndi masekisitaili okhaokha amasonyeza anthu omasukirana amene alibe chowakoka kwenikweni, ndipo kuti Satuni, ngakhale pa sikweya, ndi amene amamanga anthu pamodzi kwa nthawi yaitali. Ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi ofunika kuwasamala nawo. Ngati tiraini ndi umboni wakuti mukugwirizana, sikweya n'kukhalanso umboni wakuti mudzakhalitsa, ndiye kuti palibe tchati chimene chinganene kuti ayi.

Tingaone chitsanzo chathunthu?

Tiyeni tipange matchati awiri ongoyerekezera, ndipo tingotenga zinthu 5 pa munthu aliyense.

Mkazi: Dzuwa pa 14 Tawurasi (44), Mwezi pa 20 Kansa (110), Venasi pa 3 Jemini (63), Mazi pa 9 Liyo (129), Satuni pa 10 Sikopiyo (220).

Mwamuna: Dzuwa pa 18 Kansa (108), Mwezi pa 16 Vego (166), Venasi pa 11 Liyo (131), Mazi pa 27 Paisezi (357), Satuni pa 21 Libura (201).

Tiyambe ndi Dzuwa ndi Mwezi. Dzuwa la mwamuna pa 108 ndi Mwezi wa mkazi pa 110 zili pa konjankishoni ya obu 2. Mwezi wa mwamuna pa 166 ndi Dzuwa la mkazi pa 44 zatalikirana madigiri 122, yomwe ndi tiraini ya obu 2. Uku ndiye kubwezerana kuja, ndipo wopenda nyenyezi aliyense angakuike pamwamba pa mndandanda. Anganene kuti pa zinthu za tsiku ndi tsiku awiriwa amamvana, aliyense amapeza mpumulo mwa mnzake. Madzuwa awo alinso pa sekisitaili ya obu 4, chimodzimodzinso Miyezi yawo. Awiri amenewa ndi ofooka, amangothira ndemanga pa zimene zanenedwa kale.

Kenako Venasi wa mwamuna pa 131 ndi Mazi wa mkazi pa 129: konjankishoni ya obu 2. Lipoti la pa kompyuta lingalembe za chikondi choyaka moto n'kuthera pomwepo. Wopenda wosamala amabwerera kaye ku tchati cha mkaziyo payekha. Mmenemo Mazi ali pa sikweya ndi Dzuwa lake, alinso pa sikweya ndi Satuni wake, ndipo Dzuwa ndi Satuni zayang'anizana. Ndiye kuti Venasi wa mwamuna wagwera pamalo amene anali omangika kale. Ali pa sikweya ya obu 3 ndi Dzuwa la mkazi, komanso pa sikweya ya obu 1 ndi Satuni wa mkazi. Kuwerenga kwake kungakhale kwakuti chimene chimamukopa mkaziyo ndi chomwechonso chimene chimadzutsa kudzikayikira kwake, moti mwamuna akasonyeza chikondi poyera, monga amanenera za Venasi wa mu Liyo, nthawi zina amalandiridwa mozizira osadziwa chimene walakwa.

Mbali inayo kulinso Satuni. Wa mwamuna pa 201 ali pa sikweya ya obu 1 ndi Mwezi wa mkazi pa 110. M'tchati cha mwamunayo, Satuni yemweyo ali kale pa sikweya ndi Dzuwa lake, pa obu 3. Choncho Mwezi wa mkazi, pogwera pa Dzuwa la mwamuna, walowanso m'sikweya imene iye anabadwa nayo. Anganene kuti mwamunayu amadziweruza mouma, ndipo kuuma komweko amakufikitsa kwa mkazi pa nthawi imene mkaziyo akufuna kutonthozedwa.

Zotsala n'zotaya. Mazi wa mwamuna ndi Venasi wa mkazi atalikirana madigiri 66, sekisitaili ya obu 6, yomwe yatalikitsa. Mazi yemweyo ndi Mwezi wa mkazi ali pa 113, tiraini ya obu 7, ndipo popeza Paisezi ndi Kansa zonse ndi zizindikiro za madzi, zingakunyengeni kuti muiwerenge. Wofuna kusangalatsa makasitomala angaziphatikize kuti zabwino zichuluke.

Tikaika zonse pa sikelo, patsala nkhani ziwiri zokha: kumvana kwa Dzuwa ndi Mwezi kobwezerana, ndi Satuni amene akupanikiza mbali zonse ziwiri pa obu yaing'ono kwambiri. Palibe imene ikufafaniza inzake. Openda nyenyezi sachotsera zoipa pa zabwino kuti apeze malikisi, ngakhale mapulogalamu ena amatero n'kulemba kuti mukugwirizana pa mlingo wakutiwakuti. Amafotokoza mbali ya moyo imene asipekiti iliyonse ikukhudza.

Bwanji ngati sindikudziwa ola limene ndinabadwa?

Ndiye kuti mbali ina ya chitsanzo chathu yagwa. Mwezi umayenda pafupifupi madigiri 13 pa tsiku. Ola likasowa, mapulogalamu nthawi zambiri amaika 12 koloko masana, ndipo Mwezi weniweni ungakhale madigiri 6 kapena 7 kutsogolo kapena kumbuyo kwa pamene waikidwa. Mwezi wa mkazi uja ungakhale paliponse kuyambira pa 13 mpaka pa 27 Kansa. Sikweya ya obu 1 ija ingakhale ya obu 8, ndiye kuti palibe. Konjankishoni ndi Dzuwa la mwamuna ingathenso chimodzimodzi.

Asendanti ndiye imavutitsitsa, chifukwa imasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Kuphonya ndi theka la ola kumaisuntha madigiri 7 kapena 8. Popanda ola lodalirika, siyani Asendanti ndi nyumba zonse 12, zomwe ndi magawo a tchati amene amawerengedwa kuchokera pa Asendantiyo, Mwezi muutenge mokayikira, ndipo mudalire Dzuwa ndi mapulaneti. Dzuwa limangoyenda pafupifupi digiri imodzi pa tsiku, ndipo Satuni sasuntha n'komwe moti mungazindikire.

Mapulaneti angakhale pa asipekiti pamene zizindikiro zake sizikugwirizana?

Inde, kumalire a zizindikiro. Pulaneti la pa 29 Eriyesi ndi la pa 1 Tawurasi atalikirana madigiri 2 okha, koma ali m'zizindikiro zosiyana. La pa 29 Eriyesi ndi la pa 1 Liyo atalikirana madigiri 92, yomwe ndi sikweya, pamene Eriyesi ndi Liyo zonse ndi za moto ndipo mwachizolowezi zimapanga tiraini. Otsatira njira zakale, amene amawerenga chizindikiro ndi chizindikiro, amaichepetsa mphamvu asipekiti yotere kapena kuikana. Amakono ambiri amatsatira madigiri.

Funso lina lofanana nalo ndi la zodiyaki ziwiri, kapena kuti njira ziwiri zoyalira zizindikiro 12 zija, ya kumayiko a azungu yoyambira pa nyengo ndi ya ku India yoyambira pa nyenyezi, zomwe panopa zimasiyana pafupifupi madigiri 24. Zizindikiro zimasintha, koma mtunda wa pakati pa mapulaneti umakhala pafupifupi womwewo, malinga matchati onse awiri ajambulidwe m'zodiyaki imodzi. Kusakaniza ndiye kumatulutsa maasipekiti abodza okhaokha.

Kodi sinasitiri ndi chimodzimodzi ndi tchati chophatikiza?

Ayi. Tchati chophatikiza chimatenga pakatikati pa Dzuwa ndi Dzuwa, Mwezi ndi Mwezi, mpaka mapulaneti onse, n'kupanga tchati chachitatu choimira ubwenziwo. M'chitsanzo chathu Dzuwa lake lingakhale pa 76, pakati pa 44 ndi 108. Mmenemo simungaonenso kuti Satuni ndi wa ndani.

Maganizo amenewa anachokera kuti?

Tolemi, katswiri wa zakuthambo wa ku Alekizandiriya, m'zaka za m'ma 100, analemba za ukwati m'gawo lachinayi la buku lake lotchedwa Tetrabiblos. Iye anati maukwati amakhalitsa pamene Dzuwa ndi Mwezi za m'matchati awiri zili pa tiraini kapena sekisitaili, makamaka mobwezerana, ndipo koposa zonse pamene Mwezi wa mwamuna uli pa ngodya yotero ndi Dzuwa la mkazi. Anati amatha msanga pamene zili pa sikweya, pa opozishoni, kapena m'zizindikiro zosaonana, zimene sizipanga iliyonse mwa ngodya zikuluzikulu zija. Choncho kuika Dzuwa ndi Mwezi patsogolo n'kwakale kwambiri. Chatsopano ndi kuona sikweya ngati mpata wokhwimira maganizo, komwe kunafala m'zaka za m'ma 1900 pamene kupenda nyenyezi kunayamba kubwereka chilankhulo cha akatswiri a zamaganizo. Tolemi sanadziwenso Yurenasi, amene anatulukiridwa mu 1781, ngakhale Neputuni wa mu 1846 ndi Puluto wa mu 1930, ndiye matanthauzo onse a atatuwa ndi a posachedwa.

Kodi pali umboni wakuti zimagwira ntchito?

Kafukufuku wa sayansi sanapeze umboni wotero. Katswiri wa zamaganizo Carl Jung anayesa ndi matchati a mabanja 483, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 1952. Anawalandira m'magulu atatu. M'gulu loyamba munachuluka konjankishoni ya Dzuwa ndi Mwezi, m'lachiwiri ya Mwezi ndi Mwezi, m'lachitatu ya Mwezi ndi Asendanti. Zinaoneka zochititsa chidwi, koma gulu lililonse linali ndi wopambana wake, ndipo ataphatikiza onse kusiyanako kunazilala. Mukayeza mapeyala ambirimbiri, limodzi liyenera kukhala pamwamba basi, ngakhale mwangozi.

Mu 2007 David Voas wa pa yunivesite ya Manchester anaunika mabanja pafupifupi 10 miliyoni a m'kalembera wa mu 2001 wa ku England ndi Wales, ndipo sanapeze kuti zizindikiro za Dzuwa zimakhudza amene munthu amakwatirana naye. Openda nyenyezi amayankha kuti chizindikiro cha Dzuwa si tchati chonse, ndipo n'zoona kuti kafukufukuyo sanayeze maasipekiti a digiri ndi digiri. Komabe ngodya za Dzuwa ndi Dzuwa zikanakhala ndi mphamvu ngakhale pang'ono, pa chiwerengero chachikulu chotero zikanaonekera.

Ngati mukufuna kudziyesa nokha, lembani kaye obu yanu ndi mapeyala amene muwawerenge musanaone matchati. Kenako yerekezani tchati chanu ndi cha wokondedwa wanu, ndiponso ndi matchati ena anayi a anthu osawadziwa, mayina atabisidwa, muone ngati mungaloze cha wokondedwayo.